Mmene Mungazindikirire Nkhope Yopeka ndi Nkhope Yomata pa Chithunzi

Mukalandira chithunzi cha munthu amene mukumukayikira, musayambe ndi kuyang'ana ngati nkhope yake ikuoneka yeniyeni. Maso athu amanyengeka mosavuta pa funso limenelo. Mu 2022, Sophie Nightingale wa ku yunivesite ya Lancaster ndi Hany Farid wa ku Berkeley anaonetsa anthu nkhope zenizeni zosakaniza ndi zopekedwa ndi kompyuta, ndipo anthuwo analondola maulendo 48 okha pa 100 alionse, zomwe sizisiyana ndi kungolota. Ena ataphunzitsidwa zizindikiro anangofika pa 59. Wopanga chinyengo amathera luso lake lonse pakati pa nkhope, pomwe aliyense amayang'ana. Chimene chimamuvuta ndi kugwirizanitsa nkhopeyo ndi zonse zoizungulira: khutu ndi khutu linzake, kuwala kwa pachipumi ndi mthunzi wa pakhosi, komanso munthuyo ndi mbiri yake. Ntchito yanu ili pamenepo.

Pali mitundu iwiri imene muyenera kuisiyanitsa, chifukwa imasiya mapazi osiyana. Nkhope yopeka ndi ija kompyuta yajambula yonse, ya munthu amene sanabadwepo. Nkhope yomata ndi ya munthu weniweni imene yaikidwa pa thupi la wina, ngati chigamba pa malaya.

Gawo 1: Pezani chithunzi chimene sichinaphwanyidwe

WhatsApp ndi Facebook zimachepetsa zithunzi kuti zisadye bandulo, ndipo pochepetsapo zimafufuta tinthu ting'onoting'ono timene mukufuna kuona. Ngati wotumizayo mungathe kulankhula naye, mupempheni atumizenso posankha Document, kuti fayilo ibwere mmene ilili. Musajambule sikirini ya foni, chifukwa mukatero mwapanga chithunzi chatsopano chosaoneka bwino kuposa choyambacho.

Chitsegulireni pa kompyuta ngati ilipo, ndipo chikulitseni kawiri mpaka kanayi. Mukapyola pamenepo mudzayamba kuona timabokosi ta mapikiselo 8 m'litali ndi 8 m'lifupi. Timeneti timabwera ndi kasungidwe ka JPEG, timapezeka pa zithunzi zenizeni zomwe, ndipo anthu ambiri ongoyamba kumene amatitenga ngati umboni wa chinyengo. Onaninso zimene fayilo imanena za iyo yokha ndi pulogalamu ya ExifTool:

```
exiftool -a -G1 chithunzi.jpg
```

Mukapezamo dzina la kamera, tsiku, kapena dzina la pulogalamu yokonzera zithunzi, lembani. Mukapeza mulibe kanthu musadabwe, masamba ambiri a mchezo amachotsa zimenezi pa zithunzi.

Gawo 2: Yezani pamene pali maso

Nkhope zambiri zopeka zimene zakhala zikuikidwa pa maakaunti abodza zinachokera ku StyleGAN, pulogalamu yopeka nkhope imene kampani ya Nvidia inalengeza mu Disembala 2018, ndi ku tsamba la thispersondoesnotexist.com limene linatsegulidwa mu Febuluwale 2019. StyleGAN inaphunzira pa zithunzi 70,000 zotengedwa ku tsamba la zithunzi la Flickr, ndipo chilichonse chinadulidwa mofanana chisanalowetsedwe, maso anaikidwa pamalo amodzimodzi. Ndiye nayonso imabereka nkhope zokhala ndi maso pamalo omwewo, kaya mutu wapendekeka, kaya watembenuka pang'ono.

Muyeso wake ndi uwu. Chithunzi chimatuluka cha mbali zinayi zofanana, mapikiselo 1024 uku ndi uku. Maso amakhala pamzere wowongoka, pamwamba pang'ono pa pakati pa chithunzi, ndipo mtunda wochokera pa diso lina kufika pa linzake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a m'lifupi mwa chithunzicho. Mutha kuyeza ndi lula pa sikirini: ngati chithunzi ndi masentimita 12 m'lifupi, maso adzatalikirana pafupifupi masentimita 3, ndipo pakati pa maso awiriwo padzakhala pa sentimita ya 6.

Chithunzi chimodzi sichikwanira, pakuti nachonso chithunzi cha pa chiphaso chimaika nkhope pakati. Mphamvu ya njirayi imaoneka mukakhala ndi maakaunti angapo amene mukuwakayikira, mwachitsanzo asanu amene akuyamikira malonda amodzi ndi mawu ofanana. Tsegulani zithunzi zawo mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, posankha File kenako Open as Layers, zichititseni kukhala za kukula kofanana, ndipo tsitsani Opacity ya chilichonse kuti za pansi zizionekera. Amene ali ndi pulogalamu ya ImageMagick angachite zonsezi ndi mzere umodzi:

```
magick *.jpg -resize 512x512\! -evaluate-sequence mean zonse.png
```

Zikakhala za anthu enieni, chotuluka chimakhala chisokonezo, maso khumi omwazikana. Zikakhala za StyleGAN, tsitsi ndi zovala zimasanduka nkhungu koma maso awiri amatsala ooneka bwinobwino pakati. Ofufuza a ku kampani ya Graphika anagwiritsa ntchito njira imeneyi mu 2020 pa maakaunti abodza ofalitsa nkhani zandale. Dziwani kuti wachinyengo wochenjera akadula chithunzicho mbali imodzi kapena kuchipendeketsa, muyesowu umalephera. Komanso mapulogalamu atsopano monga Midjourney alibe chizolowezi chimenechi. Choncho maso akagwirizana mwapeza umboni wamphamvu, koma akapanda kugwirizana simunayeretse munthu.

Gawo 3: Fananizani zinthu zimene zimayenda ziwiriziwiri

Apa mpofunika kudekha. Makina opeka nkhope amadziwa bwino mmene khungu limaonekera pafupi ndi khungu linzake, koma sakumbukira bwino zimene ajambula kutali, kumbali ina ya mutu. Sadziwa kuti mayi akamavala ndolo amagula ziwiri zofanana. Phimbani theka la nkhope ndi pepala, yang'anani theka linalo, kenako sinthani.

Yambani ndi makutu. Onani ngati ali pamsinkhu umodzi poyerekeza ndi maso, ngati kansonga kapansi kakulendewera kumbali zonse kapena kamamatira mbali imodzi yokha, ndiponso ngati ndolo zili ziwiri zofanana. Ndolo yopeka nthawi zambiri imaoneka ngati yasungunukira m'khutu. Pa magalasi a maso, tsatirani chimango kuchokera pa mphuno mpaka kukhutu: mbali ina chingakhale chokhuthala, mbali ina chopyapyala, kapena mwendo wake n'kuthera m'tsaya osafika kukhutu. Teroninso ndi kolala ya malaya.

Kenako lowani m'maso. Diso ndi lonyowa ndipo limanyezimira ngati kalilole, choncho nyali kapena windo limene lili kutsogolo kwa munthu limaoneka ngati kadontho koyera m'diso lililonse. Munthu akayang'ana kamera, timadontho ta m'maso onse awiri timafanana chiwerengero, maonekedwe ndi malo, chifukwa maso onse akuona nyali imodzi. Ngati kumanja kuli kadontho kamodzi kozungulira cha kumwamba, kumanzere kuli tiwiri tosongoka cha pansi, pali vuto. Gulu la Siwei Lyu ku yunivesite ya Buffalo linasonyeza mu 2020 kuti nkhope za StyleGAN zimalephera kawirikawiri pamenepa. Koma muyesowu umagwira bwino pokhapo munthu wayang'ana kutsogolo ndipo nyali ili patali. Nyali ikakhala pafupi kwambiri kumbali imodzi, ngakhale maso enieni amasiyana.

Kamwana ka diso, kaja kakuda ka pakati, kamakhala kozungulira, kapena kobulungira pang'ono munthu akayang'ana kumbali. Kopeka kamakhala ndi m'mphepete mokumbikakumbika. Ambiri a ife maso athu ndi oderapo kwambiri moti kamwanako sikasiyanitsika ndi bwalo lokazungulira, ndiye mu GIMP pitani ku Colors, sankhani Curves, ndipo kokerani mzerewo m'mwamba cha kumanzere kuti mbali zakuda ziwale. Musasamale kuti nkhope yonse yayera mbuu, mukufuna diso lokha.

Mu 2022 Renée DiResta wa ku yunivesite ya Stanford analandira uthenga pa LinkedIn kuchokera kwa mayi wooneka ngati wamalonda wamba. Chimene chinamudzidzimutsa ndi izi zomwezi: ndolo inali khutu limodzi, timatsitsi tina tinkazimirira n'kuyambiranso, maso anali pakati penipeni, kumbuyo kunalibe chinthu chodziwika. Atafufuza ndi mnzake Josh Goldstein anapeza maakaunti oposa 1,000 a mtundu umenewu.

Kumbuyo kwa munthu kuyang'aneninso. Kamera ikasiya kumbuyo kusaoneka bwino, mtengo umakhalabe mtengo, khomo limakhalabe lowongoka. Kumbuyo kopeka kumakhala mitundu yopakapaka imene simungaitchule dzina, ndipo ngati m'mphepete muli munthu wachiwiri, nkhope yake imakhala yopindika mochititsa mantha.

Gawo 4: Funani msoko wa nkhope yomata

Telala waluso chotani akasoka chigamba, nsalu yatsopano ndi yakale sizichapika mofanana. Nkhope yomata inajambulidwa ndi kamera ina, tsiku lina, pa kuwala kwina. Mapulogalamu ambiri osinthira nkhope amangosintha kuchokera pa nsidze kapena pachipumi kufika pachibwano, n'kusiya tsitsi, makutu ndi khosi za mwini thupi. Msoko umadutsa m'malire amenewo.

Yambani ndi kuwala. Pezani mbali ya mphuno imene ili ndi mthunzi, ndipo lozani ndi chala kumene kuwala kukuchokera. Chitani chimodzimodzi ndi mthunzi wa pansi pa chibwano, makwinya a malaya, ndi mthunzi wa munthuyo pakhoma kapena pansi. Panja masana dzuwa ndi limodzi, zala zanu zonse ziyenera kuloza kumodzi. Ngati thupi lawalitsidwa kuchokera kumanzere koma chipumi chikunyezimira kumanja, nkhopeyo inachokera kwina. M'nyumba mokhala mababu angapo kapena pa siteji samalani, mithunzi imasokonezeka yokha. Onaninso kuuma kwa mthunzi: dzuwa la masana limadula mthunzi wakuthwa pansi pa mphuno ndi m'maso, pamene tsiku la mitambo limapereka wofewa. Nkhope yofewa pa thupi la mithunzi yakuthwa sizichokera pa kujambula kumodzi.

Chachiwiri ndi timchenga ta chithunzi. Kamera iliyonse imasiya timadontho tosaoneka bwino pa chithunzi chonse, makamaka m'malo amdima. Kwezani Curves monga munachitira ndi diso, ndipo yerekezani tsaya ndi khosi. Pa chithunzi chimodzi timchengato timafanana kukula ponseponse. Pa chomata, nkhope imakhala yosalala ngati yopakidwa sera pamene khosi ndi khutu zili ndi mchenga, kapena nkhope imaoneka yakuthwa kuposa dzanja limene lili pa mtunda womwewo kuchokera ku kamera. Tsatirani nsagwada kuchokera kukhutu mpaka kuchibwano, mukufuna kamzere kofufutika kamene wina anasalaza kuti abise malire, kapena nsidze zooneka kawiri.

Chachitatu ndi makutu, ngati munthu amene akunenedwayo ndi wodziwika. Pezani zithunzi zake ziwiri kapena zitatu zodalirika zoonetsa khutu mbali yomweyo. Mapindikidwe a khutu amasiyana munthu ndi munthu ndipo sasintha msanga, koma osintha nkhope ambiri salikhudza. Timadontho ta pakhosi ndi zipsera za pamanja zimathandizanso chimodzimodzi.

Kanema wabodza wa Pulezidenti Volodymyr Zelensky wa pa 16 Malichi 2022, womuonetsa akuuza asilikali a Ukraine kuti atule zida, anagwidwa ndi zinthu za mtundu umenewu: mutu unali waukulu poyerekeza ndi thupi, khungu la nkhope linasiyana ndi la khosi, ndipo thupi linali chiimire pamene mutu ukuyenda.

Pano mpamene anthu osalakwa amanamiziridwa kwambiri, ndipo zimapweteka. Mafoni ambiri amasalaza ndi kuwalitsa nkhope okha, osakhudza khosi. Mayi wodzola zodzoladzola nkhope yake imasiyana mtundu ndi khosi. Foni ikamafufuta kumbuyo mwadala imadya timatsitsi ta m'mphepete, makamaka tsitsi loluka ndi la mawigi. Ojambula m'masitudiyo amachotsa kumbuyo n'kuikapo maluwa kapena nyumba yokongola. Zonsezi ndi zithunzi zokonzedwa, koma munthuyo ndi yemweyo. Tsamba la FotoForensics lili ndi chida chotchedwa ELA chimene chimawalitsa malo ena a chithunzi, ndipo ambiri akaona kuwalako amafuula kuti agwira wakuba. M'mphepete mwa zinthu ndi pa zilembo pamawala nthawi zonse, ndipo chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp kangapo sichinenanso zomveka pa chida chimenechi.

Gawo 5: Pa zithunzi zosalala za makono, tsatirani chinthu mpaka pothera

Zizindikiro zimakalamba. StyleGAN yoyamba inkasiya timabala tooneka ngati madontho a madzi, ndipo StyleGAN2 ya mu Disembala 2019 inatichotsa. Zala zisanu ndi chimodzi zinali chizindikiro chotchuka, koma lero siziwonekanso kawirikawiri. Chimene chimatsalira ndi chakuti makinawa amajambula zooneka ngati zoona popanda kumanga chinthucho monga mmisiri amachimangira.

Chithunzi cha Papa Francis atavala jekete loyera lofufuma, chopangidwa ndi Midjourney mu Malichi 2023, chinapusitsa anthu ochuluka zedi chifukwa nkhope inali yabwino. Koma tsatirani tcheni cha mtanda wa pachifuwa: chikuoneka mbali imodzi, mbali inayo palibe chogwira mtandawo. Tsikirani kudzanja: zala sizikugwira kapu imene akuti yanyamulidwa. Bwererani ku magalasi: m'mphepete mwake mukusungunukira mu mthunzi wa pankhope. Njira yake ndi yomweyo pa chithunzi chilichonse. Ikani chala pa lamba wa chikwama, zipi, mkanda, mzere wa mabatani kapena chingwe cha tsitsi loluka, ndipo yendani nacho mpaka chithe. Chinthu chenicheni chimakhala ndi poyambira ndi pothera, ndipo chikabisika kuseri kwa china chimatulukira pamalo oyenera. Mukatero werengani zilembo zilizonse za pa chikwangwani kapena pa malaya.

Gawo 6: Kanema muduleni, wa pa foni mutembenuzeni

Kanema nthawi zambiri amakhala ndi zithunzi 25 kapena 30 pa sekondi, ndipo wachinyengo ayenera kulondola pa chilichonse, pamene inu mukufuna chimodzi chokha cholakwika. Sankhani pamene munthu akutembenuka msanga, akuseka, kapena dzanja likudutsa kumaso. Mu VLC imitsani kanema n'kumadina E kuti muziyenda chithunzi chimodzichimodzi. Pa YouTube ya pa kompyuta dinani `,` ndi `.` kanema ataima. Kapena, ndi pulogalamu ya ffmpeg, tulutsani zithunzi za masekondi awiri kuyambira pa sekondi ya 12 motere:

```
ffmpeg -ss 00:00:12 -i kanema.mp4 -t 2 c_%03d.png
```

Mupeza zithunzi 50 kapena 60. Yang'anani ngati zala zikuzimirira zikafika pankhope, ngati mano akusintha maonekedwe, ndiponso ngati milomo ikutsekeka pa mawu okhala ndi m, b ndi p. Munthu sangatchule "mama" kapena "bambo" milomo ili yotsegula. Za kuphethira musazidalire. Mu 2018 ofufuza anaonetsa kuti nkhope zomata siziphethira mokwanira, ndipo posakhalitsa opanga anakonza.

Ngati mukulankhula ndi munthuyo pa kanema wa pompopompo, mupempheni atembenuze mutu mpaka muone khutu limodzi lokha, kenako ayendetse dzanja pang'onopang'ono kutsogolo kwa nkhope. Mapulogalamu osintha nkhope amadalira kuona maso onse awiri, mphuno ndi pakamwa, ndipo amaphunzira kwambiri pa zithunzi zoyang'ana kutsogolo, choncho kumbali nkhope imagwedera kapena kuphwasuka. Atsopano ena akupirira muyesowu, ndiye ngati nkhani ndi ya ndalama musathere pomwepo. Kumayambiriro kwa 2024 wogwira ntchito wa kampani ya Arup ku Hong Kong anatumiza madola a ku Hong Kong 200 miliyoni m'maulendo 15 atachita msonkhano wa pa kanema ndi anthu ooneka ngati akuluakulu ake. Chinyengocho chinadziwika atafunsa ku likulu. Dulani foni, imbani nokha pa nambala imene munali nayo kale.

Gawo 7: Funsani kumene nkhopeyo yakhala

Ikani chithunzicho mu Google Lens ndi TinEye, zida zofufuzira kumene chithunzi chinaonekerapo pa intaneti. Ngati mukuganiza kuti ndi chomata, dulani mutu n'kufufuza thupi ndi kumbuyo kokha, chifukwa mukatero mungapeze chithunzi choyambirira chili ndi mwini wake weniweni, ndipo palibe umboni woposa umenewo. Mu TinEye sankhani kuti zotsatira ziyambe ndi chakale kwambiri. Cha Papa chija chinalondoledwa mpaka pa Reddit, m'gulu la anthu oonetsana zithunzi za Midjourney.

Nkhope yopeka sidzapezeka kwina kulikonse, koma kusapezekako pakokha sikutsutsa munthu, pakuti anthu wamba ambiri zithunzi zawo sizituluka pofufuza. Chofunika ndi kuona ngati munthuyo ali ndi chithunzi chachiwiri: atatembenuka, ali ndi anzake, ali wamng'ono, ali pa ukwati wa m'bale wake. Mu Juni 2019 bungwe la nkhani la Associated Press linaulula akaunti ya pa LinkedIn ya dzina loti Katie Jones, imene inkati mwini wake amagwira ntchito ku Center for Strategic and International Studies ku Washington, ndipo inali italumikizana kale ndi anthu a m'boma la America. Akatswiri anaona ndolo yofufutika ndi kuwala kwachilendo kozungulira tsitsi. Koma atolankhani anafunsanso ku bungwelo, ndipo linayankha kuti kulibe wantchito wa dzina limenelo.

Polemba zimene mwapeza, siyanitsani zizindikiro zochokera ku magwero osiyana. Ndolo yosungunuka, tsitsi lofufutika ndi khungu losalala zonse zingabwere ndi chinthu chimodzi, kuphwanyika kwa chithunzi pa WhatsApp, ndiye muziwerenge ngati chizindikiro chimodzi. Maso ogwirizana pa maakaunti asanu, kuwala kosemphana pakati pa mphuno ndi khosi, ndi ofesi yonena kuti sikumudziwa munthuyo ndi zitatu zosadalirana. Masamba amene amapereka maperesenti akuti chithunzi ndi chopeka muwaike m'gulu la chizindikiro chimodzi basi, chifukwa amalakwitsa mbali zonse ziwiri, makamaka pa chithunzi chochepetsedwa kapena chochokera ku pulogalamu imene sanaiphunzire. Pa chizindikiro chilichonse lembani malo ake enieni, monga "khutu lakumanzere, pansi" kapena "sekondi ya 13, chithunzi cha 22", ndipo sungani fayilo yoyambirira osaikhudza, kuti munthu wina athe kutsegula n'kuona yekha pomwe inu mwaona.